Mawu ofanana m'khutu, osiyana m'khoti

Tengani zikalata khumi za ngongole zotayipidwa m'timaofesi ta m'tauni, mudzapezamo china cholembedwa kuti chiwongoladzanja chidzawerengedwa pa "principle sum". Liwu loyenera pamenepo ndi "principal". Mawu awiriwa amamveka chimodzimodzi ngakhale pakamwa pa Mngelezi wobadwira ku London, koma ntchito zawo n'zosiyana. "Principal" ndi ndalama yeniyeni imene munthu wakongola, chiwongoladzanja chisanaikidwepo. Ndi liwu lomwelonso limene limatchula munthu amene watuma mnzake kuti amugwirire ntchito m'dzina lake, kapena mkulu pa udindo, monga tikamati Principal Secretary ku unduna kapena Principal Resident Magistrate ku khoti. "Principle" ndi mfundo basi, monga mfundo zoyendetsera dziko zimene zili mu ndime 13 ya malamulo aakulu a dziko la Malawi.

Ndiye wokongola akabwera m'khoti n'kunena kuti, "Bwana, ine ndinasaina kuti chiwongoladzanja chidzakhala pa mfundo, osati pa ndalama," angapulumuke? Sangapulumuke. Woweruza adzawerenga "principal" pamene palembedwa "principle", ndipo mlandu udzapitirira ngati kuti cholakwikacho palibe. Ngati ngongole inali K2,000,000 ndipo anagwirizana 5 peresenti pamwezi, K100,000 ya mwezi woyamba idzaperekedwa ndithu. Pa chikalata chotere mkangano weniweni umakhala pena, pa funso lakuti 5 peresentiyo ikuwerengedwa pa ndalama yonse yoyamba kapena pa yotsala munthu akamabweza. Koma anthu amathera mphamvu poseka sipelo, funso limeneli osalifunsa.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Zolakwika za mtundu uwu sizilemera mofanana. Cholakwika chimene chimachititsa chiganizo kukhala chopanda nzeru n'chochititsa manyazi chabe, chifukwa aliyense amachiona ndipo khoti limachikonza mosavuta. Choopsa ndi chija chimene chimasiya chiganizo chikumvekabe bwino, koma chikunena zina.

Makhoti a ku England anakhazikitsa njira yoonera nkhaniyi, ndipo popeza malamulo athu a mapangano anachokera kumeneko, maloya ndi oweruza a kuno amaitchula ngakhale kuti zigamulo za masiku ano za ku England sizimanga makhoti athu. Pa mlandu wa East v Pantiles, umene unagamulidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, woweruza Brightman ananena zinthu ziwiri zofunika kuti khoti likonze liwu pongowerenga chikalata. Choyamba, zioneke poyera kuti palakwika. Chachiwiri, zioneke poyeranso kuti liwu loyenera linali liti. Mu 2009, pa mlandu wa Chartbrook v Persimmon Homes, Lord Hoffmann anavomereza mfundozi, n'kuwonjezera kuti poona ngati palakwika, khoti silingoyang'ana chiganizo chimodzicho ayi, limawerenga chikalata chonse pamodzi ndi zimene mbali zonse zinkadziwa pa nthawi yosaina.

Chitsanzo chomveka bwino chinachokera ku Australia mu 1956, pa mlandu wa Fitzgerald v Masters. Anthu awiri anagulitsana theka la munda waukulu ku New South Wales. Ndime ina ya pangano lawo inati mfundo zozolowereka za bungwe la ogulitsa malo m'chigawocho zilowe m'panganolo pokhapokha ngati zili "inconsistent" nalo, ndiko kunena ngati zikutsutsana nalo. Anafuna kulemba "consistent", zogwirizana nalo. Khoti lalikulu la dzikolo linati palibe anthu amisala otere, oti n'kusankha dala kulowetsa m'pangano mfundo zokhazo zimene zikuliphwanya. Linawerenga liwulo ngati kuti zilembo ziwiri zoyambazo palibe. Onani kuti cholakwikacho chinali chachikulu zedi, chotembenuziratu tanthauzo, koma kukula kwakeko n'kumene kunachipulumutsa. Chinali choonekeratu moti panalibe wochiikira kumbuyo.

"Affect" ndi "effect" ali pakati. Nthawi zambiri kusokoneza mawuwa sikuvulaza munthu. "Affect" ndi kukhudza chinthu kapena kuchisintha pang'ono. "Effect" kawirikawiri ndi zotsatira, ndipo ndi limene timalipeza m'mawu otchuka a m'makalata a ntchito akuti "with effect from", otanthauza kuti kuyambira tsiku lakuti. Wina akalemba "with affect from 1 July", palibe amene angasokonezeke za tsikulo. Vuto n'lakuti m'Chingerezi cha maloya "effect" ndi mneninso, wotanthauza kuchititsa kuti chinthu chichitike. Tsono yerekezani kalata yogulitsirana puloti imene ili ndi chiganizo ichi: "Payment of the deposit shall not effect transfer of the plot." Tanthauzo lake n'lakuti kupereka ndalama yoyamba sikusamutsa umwini, puloti ikadali ya wogulitsa. Sinthani chilembo chimodzi kuti pakhale "affect". Tsopano chiganizocho chikuti nkhani ya ndalama yoyamba sikhudzana ndi kusamutsa umwini, ndipo wogula wochenjera anganene kuti puloti iyenera kulembedwa m'dzina lake kaya ndalamayo wapereka kaya sanapereke. Ziganizo zonse ziwiri n'zachingerezi cholongosoka. Kompyuta sidzalemba mzere wofiira kunsi kwa liwu lililonse, chifukwa pulogalamu yoona masipelo imafunsa ngati liwulo lilipo m'dikishonale, sifunsa ngati ndi limene mwini wake amafuna.

Kwa ife olankhula Chichewa mndandanda wa mawu oopsa ndi wautali kuposa wa Mngelezi. Malamulo athu, zigamulo za makhoti, makalata a malo ndi makontirakiti zimalembedwa m'Chingerezi, koma khutu limene limamva mawuwo linakulira m'Chichewa. M'chinenero chathu l ndi r ndi liwu limodzi: timalemba r pambuyo pa i ndi e, kwina konse timalemba l, ndipo tanthauzo silisintha munthu akatchula "kulira" kapena "kulila". Tilinso ndi mavawelo asanu okha, pamene Chingerezi chili ndi oposa khumi. Choncho mawu amene kwa Mngelezi ndi osiyana kutalitali, kwa ife amagwera m'dzenje limodzi: "elect" ndi "erect", "leave" ndi "live", "sale" ndi "sell", "cease" ndi "seize". Uku si kusaphunzira. Munthu wa madigiri awiri amene akulemba mofulumira zimene bwana akunena pa foni amalemba zimene khutu lamva, ndipo khutu silinapite ku yunivesite. Mabuku a ku England ophunzitsa kalembedwe ka zikalata amachenjeza za "principal" ndi "principle", koma sachenjeza za mawu athuwa, chifukwa olemba ake sawamva ngati ofanana.

Tiyeni titsatire nkhani imodzi yongoyerekeza mpaka kumapeto kwake. Komiti ya sukulu ina yagula madesiki 200 kwa kalipentala pa mtengo wa K85,000 imodzi, ndalama zonse K17,000,000. Pangano latayipidwa, mbali zonse zasaina, ndipo ndime 7 ikuti: "The Supplier shall collect any defective desks within 14 days of notice." Madesiki afika, ndipo patatha sabata zingapo 40 ayamba kugwedera, misomali yatuluka. Komiti yalembera kalipentala kuti adzatenge madesiki ake 40 n'kubweza K3,400,000. Kalipentala akuti sizimene anagwirizana. Iye akukumbukira kuti pa msonkhano ananena kuti desiki ikawonongeka adzabwera ndi anyamata ake kudzaikonza pasukulu pomwepo, ndipo liwu limene linayenera kulembedwa ndi "correct", kukonza, osati "collect", kudzatenga. Kukonza madesiki 40 mwina kungamudyere K400,000. Kusiyana kwa mawu awiriwa ndi K3,000,000.

Loya wa kalipentala ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi ija ya East v Pantiles, kupempha khoti kuti liwerenge "correct" pamene palembedwa "collect". Koma adzapunthwa pa funso loyamba lomwe. Kodi zikuonekeratu kuti palakwika? Wogulitsa kudzatenga katundu wowonongeka ndi chinthu chochitika tsiku ndi tsiku, ndipo chiganizocho chilibe chilema. Chimene chingamuthandize ndi ndime zoyandikana nayo. Ngati ndime 8 ikunena kuti ntchito yokonza ichitike pasukulu ana ataweruka, ndipo matabwa ndi misomali agule ndi kalipentala, ndiye kuti "collect" waima yekha pakati pa ndime zonena za kukonza, ndipo woweruza angavomere kuti dzanja linaterereka. Koma ngati ndime 8 ikunena za kubweza ndalama ya desiki iliyonse yobwezedwa, kalipentala wagwa nayo. Ndipo ngati pangano lili chete, osatchula kukonza kapena kubweza ndalama, liwu lolembedwalo limaima. Lamulo lakale, limene mlandu wa L'Estrange v Graucob wa mu 1934 umadziwika nalo, limati munthu amamangidwa ndi zimene wasaina, kaya anawerenga kaya sanawerenge, pokhapokha ngati ananamizidwa. Komiti nayonso isasangalale msanga. Liwu lakuti "collect" likunena za kudzatenga kokha, silikunena ngati kalipentala abweze ndalama kapena abweretse madesiki ena, ndipo pamenepo pangabuke mkangano wachiwiri.

Njira yachiwiri ndi kupempha khoti kuti lilamule kuti chikalatacho chikonzedwe, zimene maloya amazitcha "rectification". Apa kalipentala sakunena kuti cholakwikacho n'choonekeratu. Akunena kuti mbali zonse ziwiri zinagwirizana chinthu china, koma pepala linalemba china. Khoti limalola umboni wa zokambirana zimene zinachitika asanasaine, umene nthawi zambiri sililola pomasulira pangano. Koma limafuna umboni wokhutiritsa, chifukwa pepala losainidwa ndi mboni yamphamvu kale. Mawu a pakamwa a kalipentala yekha sangakwane. Chofunika ndi kotesheni yake yolonjeza kukonza kwaulere, maminitsi a msonkhano wa komiti, kapena uthenga wa pa WhatsApp umene wapampando analemba kuti, "Zikaphwanyika mudzabwera kudzakonza." Khoti la apilo la ku England, pa mlandu wa FSHC v GLAS mu 2019, linafotokoza kuti pamafunika kuonetsa kuti mbali zonse zinalidi ndi cholinga chimodzi, ndiponso kuti zinadziwitsana cholingacho. Zimene munthu anangoganiza mumtima mwake siziwerengedwa.

Njirayi ili ndi malire ake. Ngati kalipentala yekha ndi amene ankaganiza za kukonza, pamene komiti inkaganizadi za kubweza, palibe chokonza, chifukwa panalibe mgwirizano umodzi umene pepala linaphonya. Zimasintha pokhapokha ngati komiti inaona cholakwikacho, inadziwa kuti kalipentala sanachione, n'kukhala chete kuti ipindule. Wodandaula akazengereza kwa nthawi yaitali atadziwa za cholakwikacho, khoti lingamukanire. Ndipo ngati munthu wachitatu wosalakwa wagula kale ufulu wake modalira mawu a pa pepalalo, khoti silimulanda pofuna kukonza zolakwa za ena. Pali mfundo inanso yakale yoti mawu a matanthauzo awiri amamasuliridwa mopweteka amene anawalemba, koma imeneyi imagwira ntchito pamene liwu limodzi lili ndi matanthauzo awiri. "Collect" alibe matanthauzo awiri. Ndi liwu lolakwika lomveka bwino.

Ine ndimaona kuti anthu wamba amadalira kwambiri nzeru za woweruza pa nkhani zotere. Amati, "Akuluakulu akaona okha kuti tinkatanthauza chiyani." Mwina akaonadi, koma patapita zaka, ndalama za maloya zitaposa za madesiki. Ndipo woweruza sanali pa msonkhano. Iye ali ndi pepala, ndi anthu awiri amene aliyense akukumbukira zomukomera.

Nyumba za malamulo nazo zimalakwitsa. Ku Louisiana, m'dziko la America, lamulo lina la m'zaka za m'ma 1930 linalola munthu kutsutsa umboni wa mnzake m'njira iliyonse "unlawful", ndiko kuti yosaloledwa ndi lamulo. Khoti lalikulu la kumeneko linawerenga "lawful", poona kuti aphungu sangakhazikitse lamulo lolola kuphwanya lamulo. Koma oweruza amaopa kukonza lamulo kuposa mmene amaopera kukonza pangano, chifukwa kupanga malamulo si ntchito yawo. Pa mlandu wa Inco Europe mu 2000, Lord Nicholls anati khoti likhale lotsimikiza kwambiri za zinthu zitatu lisanakhudze liwu la m'lamulo: cholinga cha ndimeyo, kuti olemba anaphonya cholingacho mosadziwa, ndi zimene aphungu akanalemba akanaona cholakwikacho. Chimodzi chikasowa, lamulo limawerengedwa mmene lilili mpaka aphungu eni ake atalisintha.

Pali malo ena pamene khoti limafika mochedwa, zinthu zitaonongeka kale, ndipo malowo ndi maina. Mu February 2009 ofesi yosunga kaundula wa makampani ku Britain, Companies House, inalemba kuti kampani ya zomangamanga ndi zitsulo ya ku Cardiff, Taylor & Sons Ltd, ikutsekedwa. Imene inkatsekedwadi inali ina, Taylor & Son Ltd, yopanda s kumapeto. Cholakwikacho chinakonzedwa patatha masiku atatu, koma uthenga unali utafika kale kwa ogula ndi opereka ngongole. Maoda anaimitsidwa, ngongole zinatsekedwa, ndipo patangotha miyezi iwiri kampaniyo, imene inali ndi antchito pafupifupi 250, inagwa. Mu 2015 khoti linagamula kuti ofesiyo inali ndi udindo wosamala ndipo inalakwa. Chigamulocho sichinadzutse kampani. Kuno kwathu timalidziwa vutoli m'njira yaing'ono koma yotopetsa: Chirwa pa chitupa cha unzika, Chilwa pa kalata ya malo, Phiri ku banki, Phili pa wilu. Mwini wake akamwalira, ana amayendera maofesi ndi chikalata cholumbira chonena kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi.

Nanga cholakwika chotere munthu angachigwire bwanji, poti maso amawerenga zimene akuyembekezera? Kuwerenga mokweza, kumene kumathandiza kugwira mawu osowa, pano sikuthandiza konse, chifukwa mawuwo amamveka chimodzimodzi. Pa chifukwa chomwecho anthu awiri owerengerana, wina akutchula wina akutsatira pa pepala, amadutsa "principle" osaima, pokhapokha wotchulayo atamatchula chilembo chimodzichimodzi pa mawu okayikitsa. Njira imene imagwira ntchito ndi yosasangalatsa. Lembani mndandanda wa mawu amene amakupusitsani inuyo, tsegulani chikalata pa kompyuta, dinani Ctrl+F, n'kufufuza liwu lililonse palokha. Paliponse pamene lapezeka, imani n'kunena chiganizocho m'Chichewa. Chinenero chathu chimene chinatisokoneza pomva ndi chomwenso chimatiwombola pano, chifukwa kudzatenga ndi kukonza sizifanana ngakhale pang'ono, ndipo kukhudza ndi kuchititsa n'zosiyana. Ngati Chichewa chimene chatuluka si chimene munagwirizana, liwulo ndi lolakwika.

Pa mndandandawo pasasowe mawu otha ndi -or ndi -ee: "lessor" ndi "lessee", wobwereketsa nyumba ndi wochita lendi, "mortgagor" ndi "mortgagee", wopereka chikole ndi wolandira chikole. Awa samveka mofanana, koma m'chikalata cha masamba makumi awiri amabwera kambirimbiri, ndipo diso likatopa limangoona chiyambi cha liwu. Kuwasinthanitsa kamodzi kokha kumasamutsira udindo wokonza denga kapena wolipira msonkho wa khonsolo kwa munthu wina, chiganizo chikuonekabe chabwinobwino. Olemba osamala amawapewa n'kulemba "Landlord" ndi "Tenant", "Borrower" ndi "Lender". Pasasowenso "counsel" ndi "council". Pangano logulitsa puloti limene likudikira chilolezo cha "council" likudikira khonsolo ya mzinda, pamene limene likudikira "counsel" likudikira loya. Wina angadikire miyezi, winayo angavomere pa foni madzulo omwewo. Chimodzimodzi "ensure" ndi "insure", kuonetsetsa ndi kugula inshuwalansi, pa pangano lonyamula katundu.

Koma chitetezo chenicheni chili m'kalembedwe, kuti tanthauzo lalikulu lisatsamire pa liwu limodzi. Ndime 7 ija ikanalembedwa kuti kalipentala adzachotsa madesiki owonongeka pasukulu ndi galimoto yake, n'kubweza K85,000 pa desiki iliyonse pasanathe masiku 14, ngakhale wotayipa akanalemba "correct" m'malo mwa "collect", chiganizo chotsalacho chikanamutsutsa. Ndi nzeru yomweyo imene imachititsa kuti pa cheke ndalama ilembedwe kawiri, m'manambala ndi m'mawu, kuti "fifteen" ndi "fifty" zisapusitse munthu. Pamene "effect" ndi mneni, ndi bwino kumuchotsa n'kulemba liwu losavuta monga "cause" kapena "complete". Chingerezi cha pamwamba sichiwonjezera mphamvu ya pangano.

Cholakwika chikapezeka musanasaine, tayipaninso tsambalo. Chikapezeka patebulo losainira, dulani liwulo ndi mzere umodzi kuti lizionekabe, lembani loyenera pamwamba pake, ndipo mbali zonse ziike zilembo zoyamba za maina awo pambali, pa makope onse. Musafute ndi utoto woyera uja, ndipo musakonze kope lanu lokha mnzanu kulibe, chifukwa kusintha chikalata chosainidwa popanda chilolezo cha mbali inayo kungachifooketse m'khoti, mwinanso kukubweretserani mlandu wa chinyengo. Chikapezeka patapita miyezi, lembani kachikalata kena kafupi kotchula tsiku la pangano loyamba, nambala ya ndime, liwu lolakwika ndi liwu loyenera, onse asaine. Ngati ndi chikalata cha malo chimene chinalembetsedwa kale m'kaundula wa boma, kukonzako kukafikenso ku ofesi ya kaundula. Zonsezi zimatheka mosavuta pamene mbali ziwirizo zikupatsanabe moni, madesiki asanayambe kugwedera, chifukwa mkangano ukangobuka, amene liwu lolakwikalo likumukomera sasainanso kanthu.